Ejenti wakhalira lendi ya nyumba yanga, ndimuchotse bwanji?

*Ndili pa ntchito ku Joni, koma ndili ndi nyumba ku Nkolokosa mu Blantyre. M'chaka cha 2022 ndinaisiya m'manja mwa ejenti wina wa ku Limbe. Tinasainirana pepala loti azitenga K10 pa K100 iliyonse, ndipo wofuna kusiya apereke notisi ya mwezi umodzi. Ndinamusainiranso chikalata china kwa loya chomupatsa mphamvu. Lendi ndi K350,000 pa mwezi, ndipo tenanti amalipira ya miyezi itatu nthawi imodzi. Kuchokera mu Epulo sindinalandire kalikonse, pano tili mu Ogasiti. Iye akuti tenanti akuvuta, komanso K420,000 inapita kokonzetsa nyumba. Koma mng'ono wanga atapitako, tenanti anati walipira mpaka Seputembala. Makiyi, mapepala a nyumba ndi dipoziti zonse zili kwa ejentiyo. Ndimuchotse bwanji, nanga zanga ndizipeza bwanji?*

Mayi, musamuimbire foni kaye. Ndikudziwa kuti mtima ukufuna kumuuza lero lomwe kuti basi zatha, koma mukatero mumupatsa mpata womwe simungaubwezenso. Tsiku loti muziliyang'ana ndi 1 Okotobala, pamene tenanti adzatulutse K1,050,000 ina. Ejenti akangonunkhiza kuti mukumuchotsa, sachedwa kupita kwa tenanti n'kumuuza kuti "mayi aja avutika, mukalipiratu ya Okotobala mpaka Disembala sabata ino ndikuchotserani K50,000." Tenanti akalipira asanamve chilichonse kuchokera kwa inu, ndalamayo pamaso pa lamulo imakhala ngati wapereka m'manja mwanu. Simungamulipitsenso kawiri. Mwangoonjezera ngongole yomwe muzikathamangitsa ku Limbe.

Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya ejenti ili pawiri. Pali mphamvu imene munamupatsa inuyo, ndipo imeneyo mutha kuilanda nthawi iliyonse, chifukwa nyumba ndi yanu ndipo palibe angakukakamizeni kuti azikuimirirani inu musakufuna. Koma palinso mphamvu imene anthu ena akuganiza kuti ali nayo, popeza kwa zaka zonsezi mwakhala mukuwaonetsa kuti iyeyo ndiye mlomo wanu. Yachiwiriyi siitha ndi kalata yopita kwa ejenti. Imatha pokhapokha tenanti atauzidwa. Choncho ntchito yonseyi yagona pa tenanti, ndipo ndi iye amene muyambe naye.

Sabata yoyamba ikhale yosonkhanitsa umboni mwakachetechete. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mng'ono wanu abwererenso ku Nkolokosa, koma ulendo uno asakangomva za pakamwa. Akapemphe mwaulemu kuti ajambule ndi foni malisiti onse amene tenanti ali nawo, mapepala oikira ndalama ku banki, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, pepala la mgwirizano wa lendi, ndi lisiti la dipoziti. Pa chithunzi chilichonse pazioneka tsiku, ndalama, ndi dzina kapena nambala ya wolandira. Azungulirenso nyumba limodzi ndi tenanti n'kumufunsa kuti chakonzedwa n'chiyani chaka chino, anakonza ndani, ndipo analipira ndani. Ndimaumirira funso lotsirizali chifukwa ndinakumanapo ndi nkhani ya nyumba ina ku Chilomoni, pomwe ejenti analembera mwini wake kuti wagula giza yatsopano, chonsecho tenanti ndiye anaitana pulambala, nalipira za m'thumba mwake, n'kumadikira kuti ejenti amubwezere. Giza imodzi inalipiridwa ndi anthu awiri, ndipo inali yakale yomweyo, anangosintha chotenthetsera cha mkati.

Inu kumbali yanu tulutsani sitetimenti ya ku banki, kapena mauthenga a Mukuru ngati ankatumiza kwa achibale, kuyambira 2022, osati kuyambira Epulo yekha. Munthu amene wafika pokhalira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi kawirikawiri anayamba kale ndi zing'onozing'ono. Macheza anu a pa WhatsApp asungeni pena, makamaka pamene akunena kuti tenanti sakulipira. Uthenga umenewo mukauika pambali pa lisiti lomwe iye mwini anasaina, mlandu wanu wayima.

Kenaka werenganinso mapepala awiri aja, chifukwa ndi zinthu zosiyana ndipo chilichonse chimathetsedwa mwa njira yake.

Pa pepala la mgwirizano, anthu ambiri amasokonezeka ndi notisi. Amaganiza kuti popeza palembedwa mwezi umodzi, ndiye kuti ejenti apitirize kutolera lendi mwezi wonsewo. Ayi. Notisiyo imateteza malipiro ake, siimupatsa ufulu wogwira ndalama zanu inu mutakana. Mutha kumuletsa kulandira lendi kuyambira tsiku la kalata, mgwirizano n'kudzatha mwezi ukakwana, komishoni ya mwezi umenewo n'kumuwerengera. Kunena zoona, munthu amene walandira ndalama n'kunama kuti sanalandire waphwanya kale mgwirizano moti mukanatha kuuthetsa popanda notisi. Komabe ine ndimalangiza kuti perekani notisiyo. Komishoni ya mwezi umodzi ndi K35,000 basi, ndipo ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kumupatsa chonamizira choti inunso munalakwitsa. Onaninso ngati pepalalo likunena njira yoperekera notisi, ndiponso dzina lomwe lili pamenepo: kodi munapangana ndi munthuyo payekha kapena ndi kampani yake? Dzina limenelo ndi lomwe lidzalembedwe pa kalata, ndipo zikadzafika ku khoti, ndi lomwe lidzalembedwe pa samani.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chingasinthe zonsezi. Ngati ejentiyo anakubwerekanipo ndalama, mwina yomalizira mpanda kapena denga, ndipo munalemberana kuti azidzibwezera kuchokera mu lendi, mphamvu yotolera imeneyo ndi chikole chake ndipo simungangoilanda ngongole isanathe. Simunatchule zoterezi, ndiye nditenga kuti palibe.

Chikalata chachiwiri, cha kwa loya chija, ndicho chikundidetsa nkhawa kuposa lendi. Zikalata zoterezi nthawi zambiri zimalembedwa motambasuka, moti munthu amene mumafuna kuti azingotolera lendi amapezeka kuti wapatsidwanso mphamvu yosainira m'malo mwanu, yopinyolitsa nyumba, ngakhale yogulitsa. Chiwerengeni mzere ndi mzere. Kuti chithe pamafunika chikalata china chochithetsa, chosainidwa pamaso pa munthu wovomerezeka kulumbiritsa. Muli ku Joni komweko mutha kusainira kwa loya wa kumeneko amene ali ndi chilolezo chotsimikizira zikalata zopita kunja, kapena kufunsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi, yomwe ili ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Musanasaine, loya wa ku Blantyre akulembereni mawu ake ndipo akuuzeni chidindo chimene akufuna, kuti pepala lisadzabwezedwe litafika kale. Ngati chikalata choyamba chinalembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo, chothetsachi chikalembetsedwenso komweko, apo ayi m'mabuku a boma ejenti akhalabe ndi mphamvu. Pa ulendo womwewo loyayo afufuze m'kaundula kuti nyumba idakali m'dzina lanu ndipo palibe ngongole yomwe yamangiriridwapo. Mapepala enieni a nyumba akakhala m'manja mwa munthu amene ndalama zamuthina, sachedwa kukagona kwa akatapila. Kafukufukuyu salira ndalama zambiri. Akapeza chokayikitsa, akuuzani zopempha mkulu wa kaundula kuti aike chiletso pa nyumbayo.

Posainira pomwepo, sainiraninso kalata yopatsa mphamvu mng'ono wanu. Ikhale yopapatiza: kulandira makiyi ndi mapepala, kusaina kuti walandira, kulankhula ndi tenanti, ESCOM, a madzi ndi khonsolo. Za kugulitsa kapena kupinyolitsa zisakhalemo, ndipo lendi izilowa mu akaunti yanu, osati yake. Sikuti ndikumukayikira. Ndaona abale ambiri akudana chifukwa cha lendi yomwe inangodutsa m'manja pa nthawi ya maliro kapena ya fizi.

Zonsezi zikakonzeka, makalata awiri atuluke tsiku limodzi, ndipo ya tenanti iyambe kufika. Mng'ono wanu apite m'mawa ku Nkolokosa, masana ku Limbe. Ya tenanti ikhale yaifupi, mwachitsanzo:

"Ine mwini nyumba imene mukukhalamo ndikukudziwitsani kuti kuyambira lero, pa 18 Ogasiti, amene ankayang'anira nyumbayi alibenso mphamvu yolandira lendi kapena ndalama ina iliyonse m'malo mwanga. Lendi yonse kuyambira ya Okotobala muziika mu akaunti yanga yomwe ndalemba m'munsimu. Ndalama imene mungapereke kwa wina aliyense mutalandira kalatayi sindidzaiwerengera. Ndikuvomera kuti malinga ndi malisiti amene mwaonetsa mwalipira mpaka pa 30 Seputembala, ndiponso kuti dipoziti yanu ya K350,000 ndidzakubwezerani ndine potuluka, malinga ndi mgwirizano. Mgwirizano wanu wa lendi ukupitirira monga kale."

Ziganizo ziwiri zotsirizazo musazichotse, ngakhale zikuwawa. Tenanti ali ndi mantha awiri: kuti mumulipitsa kawiri, ndi kuti mumutulutsa. Mukamuchotsera mantha amenewa amakhala mboni yanu. Mukamusiya m'malere, amakakamira kwa ejenti, popeza ndiye amene akumudziwa ndiponso amene ali ndi dipoziti yake. Ndipo simukumukomera mtima chabe, ndi mmene zilili: ejenti analandira dipoziti m'dzina lanu, ndiye kaya iye abweze kaya asabweze, tenanti adzaifuna kwa inu. Mgwirizano wa lendi umene ejenti anasaina ali ndi mphamvu ukukumangani inu mpaka utatha.

Tenanti asaine pa kope lachiwiri n'kulemba tsiku. Inu mumuimbire pa vidiyo nthawi yomweyo mng'ono wanu ali pomwepo, muli ndi chiphaso chanu m'manja. Musadabwe akakayikira. Munthu wanzeru sasintha kolipira lendi chifukwa cha pepala lobwera ndi mlendo, makamaka masiku ano pamene akuba a pa foni achuluka. Ndipo dziwani kuti madzulo a tsiku lomwelo ejenti adzamuimbira n'kumuopseza kuti akalipira kwina amutulutsa. Muuzirenitu tenanti kuti foni imeneyo ibwera, ndipo ayankhe kuti nkhaniyo akambe ndi eni nyumba.

Kalata ya ejenti ikhale youma, yopanda mawu oti wakuba kapena tambwali. Inene kuti mphamvu yolandira ndalama, yosaina mgwirizano ndi yolowa pa nyumba yatha lero; kuti mgwirizano udzatha pa 18 Seputembala malinga ndi notisi; ndipo kuti pasanathe masiku 14 apereke zinthu zomwe mwatchula. Zitchuleni chimodzichimodzi, chifukwa mukangolemba kuti "mapepala onse" adzakupatsani envulopu ya zinthu zopanda ntchito n'kunena kuti wapereka. Mukufuna mapepala enieni a umwini wa nyumba, chikalata cha mphamvu chija, mgwirizano wa tenanti uyu ndi wa amene analipo kale, mabuku a malisiti kapena makope ake, ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi kuyambira 2022, malisiti a zokonzetsa, malisiti a msonkho wa khonsolo ndi a lendi ya nthaka ngati mumalipira, mndandanda wa mmene nyumba inalili tenanti akulowa, makiyi onse, ndi ndalama zonse kuphatikizapo dipoziti. Ngati panakhalapo tenanti wa kampani amene ankadula msonkho wa MRA pa lendi, mufunenso zikalata zosonyeza kuti msonkhowo unadulidwa, chifukwa zili m'dzina lanu ndipo zimakuthandizani powerengera msonkho wanu. Kalatayi mng'ono wanu aipereke pamanja, wolandira asaine. Akakana kusaina, mng'ono wanu aisiye pa tebulo pamaso pa mboni yomwe wapita nayo, alembe nthawi, ndipo inu mutumize chithunzi chake pa WhatsApp ndi pa imelo tsiku lomwelo.

Tsopano tiwerengere, chifukwa kalata yopanda nambala siiopsa munthu. Tenanti walipira kawiri, mu Epulo ndi mu Julaye, pamodzi K2,100,000. Komishoni ya miyezi isanu ndi umodzi ndi K210,000, kutsala K1,890,000. Pa K420,000 ya zokonzetsa ija, lamulo lake n'losavuta: wogwira ndalama za mwini ndiye ayenera kusonyeza kumene zinapita, si inu amene muyenera kusonyeza kuti sizinapite. Tiyerekeze kuti wabweretsa malisiti a mapaipi ndi a mmisiri okwana K160,000, ndipo tenanti akuvomera kuti ntchitoyo inagwiridwadi. Imeneyo ivomereni, ngakhale sanakufunseni asanakonze, pokhapokha ngati pepala lanu likuletseratu kukonza popanda chilolezo. K260,000 yotsalayo, yopanda lisiti komanso yopanda mboni, ikanidwe. Ndiye K1,890,000 kuchotsa K160,000 ndi K1,730,000. Kuphatikiza dipoziti ya K350,000, ali nanu ngongole ya K2,080,000.

Nambala imeneyi ingasinthe mukaona malisiti a tenanti. Chinyengo chofala kwambiri pa nyumba za anthu okhala kunja n'chokweza lendi mwini wake osadziwa. Mukapeza kuti kuyambira Epulo tenanti wakhala akulipira K400,000, K50,000 ya pamwambayo ndi yanu yonse, miyezi isanu ndi umodzi K300,000, ndipo ejenti sanganene kuti ndi phindu la luso lake. Woimirira mnzake saloledwa kudya mobisa pa katundu wa amene akumuimirira. Zikafika potero loya wanu angakanenso komishoni ya miyezi imeneyo, popeza khoti litha kumumana malipiro ejenti amene wachita zachinyengo. Chenjeraninso ndi ngongole zobisika. Mng'ono wanu apite yekha ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi nambala ya poloti akafunse ngati msonkho uli bwino, apitenso kwa a madzi ndi nambala ya akaunti. Ngati ejenti ankakudulani ndalama ya msonkho chaka ndi chaka koma ku khonsolo kukuoneka ngongole, ndalama imeneyo ilowe pa zomwe mukufuna. Za magetsi n'zosavuta ngati mita ndi yogulira mayunitsi, komabe onetsetsani kuti dzina ndi nambala ya foni zomwe zili ku ESCOM ndi kwa a madzi ndi zanu.

Yankho limene mudzalandire ndingalinene ndisanalione. Adzati sapereka makiyi ndi mapepala mpaka mumulipire zake. Pali kachoonadi pang'ono m'menemo, chifukwa ejenti amene sanalipidwe malipiro ake oyenera nthawi zina amaloledwa kugwira zomwe zili m'manja mwake mpaka alipidwe. Koma kuno iye wasunga ndalama zanu zoposa K2,000,000, ndipo komishoni yake mwaichotsera kale pa masamu aja. Munthu sangagwire chikole pa ngongole yomwe wadzilipira kale. N'chifukwa chake ndinati muwerengereni komishoni yonse mpaka Seputembala, ndipo muilembe poonekera m'kalata. Akabwera ndi zina, monga ndalama ya mafuta a galimoto kapena yopezera tenanti, mufunseni mzere wa mu mgwirizano umene ukunena zimenezo.

Za makiyi musataye nazo tulo. Kiyi amasulitsa pa msika wa Limbe kanthawi kochepa, ndiye ngakhale atabweza mulu wonse simungadziwe ngati watsala ndi ena. Aitanitseni ndithu, mng'ono wanu awawerenge n'kuwayesa pa zitseko, koma chenicheni n'kusintha maloko a zitseko zakunja ndi loko wa pa geti. Chitani izi mogwirizana ndi tenanti, iye alipo, ndipo alandire makiyi ake nthawi yomweyo. Nyumba ikakhala ndi tenanti, amene ali ndi ufulu wokhalamo ndi iye, ndipo mwini nyumba amene wasintha maloko tenanti osadziwa wadziputira mlandu wina. Ngati pali chipinda kapena sitolo imene munatsekeramo katundu wanu popita ku Joni, imeneyo itsekulidwe pamaso pa mboni, katundu ajambulidwe ndi kulembedwa tsiku lomwelo.

Tsiku lolandirana zinthu, mng'ono wanu apite ndi munthu wina wamkulu, ndi mndandanda uja m'makope awiri. Chilichonse cholandiridwa achonge, chosowa alembe kuti sichinaperekedwe, onse asaine. Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Ejenti amatulutsa K500,000 ndi kapepala koti asaine, ndipo m'kapepalamo muli mawu oti ndalamayi yatseka nkhani yonse. Ndalamayo alandire, koma asasaine mawu otero. Alembe ndi dzanja lake kuti "ndalandira K500,000 ngati gawo la ngongole, yotsala K1,580,000."

Nthawi zambiri ndalamayo imakhala kuti inadyedwa kale, ndipo munthuyo amapempha kuti azibweza pang'onopang'ono. Ine sindikana zimenezi, chifukwa khoti nalo limatenga nthawi ndi ndalama. Koma zikhale zolembedwa: avomere ngongole yonse ndi nambala yake, masiku olipira atchulidwe, ndipo palembedwe kuti akaphonya kamodzi yotsala yonse ifunika nthawi yomweyo. Pepala lovomera ngongole limafupikitsa mlandu kwambiri, chifukwa ku khoti simukakangananso za malisiti a mapaipi. Musalole kuti zitenge chaka. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Kwa inu amene mumawerengera mu malandi, ngongole ya makwacha ikamachedwa imasungunuka muli kuyang'ana. Miyezi itatu kapena inayi ndi yokwana. Asakunyengereninso kuti apitirize kuyang'anira nyumba kwaulere kuti abweze ngongole.

Masiku 14 akatha ali chete, loya alembe kalata yomaliza ya masiku asanu ndi awiri, kenaka akasume. Chimene mukupempha ku khoti n'chakuti alamulidwe kupereka ndalama ndi chiwongoladzanja, kuonetsa ndondomeko ya ndalama zonse, ndi kubweza mapepala. Loya ndiye akuuzeni ngati ndalama yanu ikukwana ku khoti la majisitireti kapena ipite ku khoti lalikulu, chifukwa khoti lililonse lili ndi malire ake. Simuyenera kuchoka ku Joni kuti mlandu uyambe, ngakhale mungadzafunike kupereka umboni ngati iye akana ngongoleyo. Mukapambana iye osalipira, a sherifi ndiwo amakalanda katundu wake n'kugulitsa. Apa ndi pamene dzina lija limagwira ntchito: mukasumira kampani yomwe ili ndi tebulo limodzi ndi mipando iwiri, chigamulo mudzakhala nacho koma cholanda palibe. Choncho ngati ndalama zinkalowa mu akaunti kapena pa foni ya munthuyo payekha, muuzeni loya msanga. Lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zosumira ngongole ya mgwirizano, ndiye zakale za 2022 sizinathe nthawi, koma musadalire zimenezo. Amene amayamba kusuma ndi amene amapeza katundu, ndipo ejenti wotere sakhala ndi ngongole kwa munthu mmodzi.

Nanga kupolisi? Kulandira ndalama m'malo mwa munthu n'kuzidya ndi mlandu wa kuba m'malamulo a dziko lino, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula. Mukapita ndi mawu okha, apolisi amakonda kunena kuti ndi nkhani ya ngongole, kakambiraneni. Mukapita ndi lisiti losainidwa ndi iye pamodzi ndi uthenga wake wokana kuti sanalandire, amamvetsera. Dziwani chabe kuti cholinga cha mlandu wa kupolisi ndi chilango, ndipo munthu ali m'chitokosi sapanga ndalama. Ine ndimasunga njira imeneyi kufikira ataonetsa kuti sakufuna kubweza, kupatula pamene mapepala a nyumba asowa, apinyolitsidwa, kapena siginecha yanu yaberedwa. Zikatero pitani tsiku lomwelo. Ngati ndi ejenti wolembetsedwa, dandaulo lolembedwa lipitenso ku bungwe lolembetsa maejenti kudzera ku Unduna wa za Malo. Wolembetsedwa amaopa kutaya chiphaso chake kuposa mmene amaopera kalata ya loya. Ngati ndi wa chikwama m'manja chabe, njira imeneyi siikupatsani ndalama.

Za kumuyalutsa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Joni, dzigwireni. Mawu amodzi opitirira umboni wanu amupatsa mlandu wokusumirani woipitsa mbiri, ndipo iye adzafuna kuti milandu iwiriyo ithetsane. Ngati mukuopa kuti angalandire ndalama kwa anthu ena powanamiza kuti nyumbayo ikufuna tenanti kapena ikugulitsidwa, chidziwitso chachifupi mu nyuzipepala chonena kuti iye salinso woimirira wanu pa nyumba ya poloti yakutiyakuti n'chokwana, ndipo anansi a mbali zonse ziwiri auzidwe pakamwa.

Pa 25 Seputembala mumuimbirenso tenanti, mumukumbutse nambala ya akaunti, ndipo mumupemphe kuti akangoika ndalama akutumizireni chithunzi cha lisiti la ku banki. Mgwirizano wake ukadzatha, watsopano mudzasainirane inu ndi iye mwachindunji, ndipo nambala ya akaunti yanu ilembedwe m'menemo. Mukadzafunanso ejenti wina, lendi izilowa kwa inu, komishoni muzimutumizira ndinu, ndipo mapepala enieni a nyumba akakhale ku banki kapena kwa loya wanu, iye azingosunga makope.